Akakuyankhani zozungulira, funso lachiwiri lichepe kuposa loyamba

Gulu lathu lothandizana pa maliro limakumana Lamulungu lomaliza la mwezi, mapemphero akatha, mu holo ya tchalitchi china ku Rosettenville kuno ku Joni. Mwezi wina tinaitana ejenti wa kampani ya inshuwalansi ya maliro kuti adzatifotokozere zimene amagulitsa, chifukwa zosonkha zathu zinali zitayamba kulephera. Maliro awiri akagwa mwezi umodzi, thumba limauma. Ejentiyo anali mnyamata waulemu, anabwera ndi timapepala tonyezimira, analankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu, ndipo mlembi wathu ankamasulira. Atamaliza, apampando anatsegula mafunso.

Amayi ena achikulire, akwawo ku Mulanje, anaimirira. Anayamba ndi kuthokoza apampando, kuthokoza mlendo, kenako anafotokoza za mlamu wawo amene anakhala masabata atatu ku mochale chifukwa ndalama ya galimoto inasowa. Pomaliza anati: "Ndiye ife timafuna tidziwe, inu mumathandiza bwanji munthu akatisiya kuno, poti kwathu nkutali?" Mlembi anamasulira mwachidule. Ejenti anamwetulira nkuyankha kuti kampani yawo yakhala zaka zambiri, imasamalira mabanja pa nthawi yovuta, imapereka bokosi labwino, tenti ndi mipando, ndipo imanyamula thupi ngakhale kupita ku mayiko oyandikana nawo. Anthu anaomba m'manja. Amayi aja anakhala pansi akugwedeza mutu, koma nkhope yawo inkaoneka kuti chimene amafuna sanachimve.

Pamenepa mpamene pamafunika funso lachiwiri, ndipo ambiri timalakwitsa m'njira ziwiri. Ena timangokhala chete poopa kuoneka amwano kwa mlendo, nkukadandaulira panja pa holo. Ena timadzuka ndi mkwiyo: "Achimwene, musatizungulitse, tiuzeni zoona!" Njira zonsezi zimatisiya pomwe tinali. Woyamba sanafunse, wachiwiri wafunsa za khalidwe la munthu m'malo mofunsa za nkhaniyo, ndipo woyankhayo tsopano adziteteza yekha, pangano lija laiwalika.

Musanakweze dzanja kachiwiri, yambani mwadzifunsa chifukwa chimene yankho latulukira lozungulira. Si onse ozungulira amene akubisa kanthu. Tsiku lija panali zifukwa zingapo zimene sizinali zachinyengo nkomwe. Funso la amayi aja linadutsa mwa womasulira, ndipo nkhani ya mlamu wa ku mochale, yomwe inali mtima wa funsolo, inatsala m'njira. Chimene chinafika m'khutu mwa ejenti chinali chakuti "mumathandiza bwanji pa maliro?" Funso lotambalala chonchi limaitana yankho lotambalala. Mawu akuti kuthandiza amanyamula chilichonse, kuyambira kapu ya tiyi mpaka galimoto yofika ku Muloza. Munthu wogulitsa malonda ukamupatsa bwalo lalikulu chotero, amasankha kuima pamene pamukomera, ndipo sungamuimbe mlandu.

Chinanso nchakuti ife kwathu tinaleredwa kuti funso kwa mlendo kapena kwa wamkulu lisabwere lamaliseche. Timaliveka kaye moni, kuthokoza, ndi kankhani, funso lenileni nkubwera kumapeto ngati mchira. Pa bwalo la mfumu zimayenda bwino chifukwa onse amadziwa kumvera kumchirako. Koma mnyamata wokulira ku Soweto, amene akumva kudzera mwa womasulira, sadziwa kuti nkhani ya mlamu ija ndiyo inali funso. Choncho mlandu wa yankho losamveka nthawi zambiri umakhala wa mbali zonse ziwiri, ndipo nchifukwa chake funso lachiwiri liyenera kuyamba ndi kukonza mbali yathu.

Kupatula kusamvana, pali zifukwa zina ziwiri. Mwina woyankhayo sakudziwa, koma akuchita manyazi kunena kuti sakudziwa pamaso pa anthu makumi anayi. Mwinanso akudziwa bwino lomwe, koma yankho lake ndi "ayi", ndipo "ayi" sagulitsa. Mukakhala pampando simungadziwe msanga kuti mwa zifukwazi chagwira ntchito nchiti. Ubwino wa funso lachiwiri lokonzedwa bwino ndi wakuti limakusiyanitsirani. Amene sanamve, akamva amayankha pompo. Amene sakudziwa, mukamutsegulira khomo amavomera. Amene akuzemba amazembanso, ndipo ulendo uno holo yonse imaona popanda inu kutchula.

Tsopano tiyeni tibwerere ku yankho la ejenti lija, tilisende ngati chinangwa. Munali mawu amodzi okha okhudza funso la amayi aja: "mayiko oyandikana nawo". Ena onse, za bokosi, tenti ndi zaka za kampani, anali makoko. Mawu amenewa ndi amene anachititsa anthu kuomba m'manja, pomwe ndi amene anayenera kutidzidzimutsa. South Africa imachita malire ndi mayiko asanu ndi limodzi: Namibia, Botswana, Zimbabwe, Mozambique, Eswatini ndi Lesotho. Malawi mulibemo. Thupi lochoka ku Joni kupita ku Blantyre pa msewu limadutsa pa Beitbridge, kudula Zimbabwe yonse mpaka pa Nyamapanda, kulowa Mozambique, kuwoloka Zambezi ku Tete, nkudzalowa kwathu pa Mwanza, ulendo wa makilomita pafupifupi 1,700. Ngati pepala la pangano likuti "mayiko oyandikana", munthu wa ku Bulawayo ali m'kati, wa ku Mulanje akhoza kukhala panja. Likanati "mayiko a SADC", nkhani ikanakhala ina, chifukwa Malawi ndi membala. Ejentiyo sananame. Ananena mawu oona amene ife tinawamva mmene timafunira.

Ntchito yoyamba ya wofunsa kachiwiri ndi imeneyi: kumvetsera yankho lozunguliralo mpaka kumapeto, osayamba kukonza mkwiyo lili pakati, nkupeza liwu limodzi limene lanyamula katundu yense koma silinamasulidwe. M'misonkhano yotere mawu ake amabwerabwera omwewo: timathandiza, mwachangu, nthawi zambiri, zimatengera, aliyense ndi wolandiridwa, musadandaule. Lililonse mwa mawuwa lili ndi funso laling'ono limene likubisala kuseri kwake. "Mwachangu" akubisa masiku angati, kuwerenga kuyambira liti. "Zimatengera" akubisa chinthu chimene zimatengeracho. "Timathandiza" akubisa amene atulutse ndalama m'thumba.

Amene anafunsa kachiwiri tsiku lija anali abambo ena amene amagwira ntchito ya m'munda wa maluwa ku Randburg, munthu wosalankhulalankhula. Anapempha kwa apampando, nkunena motere, mlembi akumasulira chiganizo chimodzi chimodzi:

"Zikomo achimwene, za bokosi ndi tenti tamva bwino. Mwina funso lathu silinafike bwino, ndiye ndilibwereze mwachidule. Tiyerekeze kuti ine ndalowa lero, ndalipira mwezi uliwonse kwa chaka, kenako ndamwalira kuno ku Joni ndi matenda. Kwathu ndi ku Mulanje, ku Malawi. Kodi kampani ilipira galimoto yonyamula thupi langa mpaka kumudzi, kapena ilekezera penapake? Ngati zalembedwa, mutionetse tsamba lake. Ngati simukutsimikiza panopa, palibe vuto, mutiuze tsiku limene mungatiyankhe."

Funsoli likuoneka wamba, koma muli zinthu zimene ndikufuna tiziyang'ane pafupi, chifukwa chilichonse chikugwira ntchito yake.

Anayamba ndi kuvomereza zimene zayankhidwa. Uku si kunyengerera. Mukanena kuti za bokosi ndi tenti tamva, mwatseka njira yobwerera kumeneko. Munthu wozungulira amakonda kubwereza zimene wanena kale ndi mawu ena, koma mukamuuza mwaulemu kuti gawo limenelo lalowa, sangalibwerezenso osaoneka wodabwitsa. Kenako abambowa anasenza okha mlandu wa kusamvanako: "mwina funso lathu silinafike bwino." Ena amati kutero nkudzichepetsa kopanda pake. Ine ndimaona kuti nkuchenjera, komanso tsiku lija zinali zoona. Chiganizo chimenechi chimachotsa manyazi pa woyankha, ndipo munthu amene sakuteteza nkhope yake amakhala ndi mpata woganiza za funso. Yerekezani ndi kunena kuti "simunayankhe funso". Mawuwa angakhale oona, koma chotsatira chake mumachidziwa: "Ndayankha, mwina simunamvetse," ndiye mphindi zisanu zatha mukukangana za amene sanamve mnzake.

Chachikulu pa zonse ndi chitsanzo. Abambowa sanafunse za mfundo za kampani, anaika munthu mmodzi patebulo, iwo eni, nkutseka mipata yonse imene yankho likanathawira. Ananena kuti alipira kwa chaka, ndipo anali ndi chifukwa. Inshuwalansi ya maliro kuno imakhala ndi nthawi yodikira, ndipo malamulo oteteza ogula inshuwalansi, amene anakonzedwanso mu 2018, amati pa imfa ya matenda nthawiyi isapitirire miyezi 6, pomwe pa imfa ya ngozi sipakhala kudikira. Akanangoti "ndikamwalira", ejenti akanatha kuyankha kuti zimatengera nthawi imene mwakhala mukulipira, nkuyamba kufotokoza za miyezi yodikira, nkhani ya galimoto nkutayikanso. Ponena kuti papita chaka chathunthu, alipira mwezi uliwonse, imfa ndi ya matenda, anachotseratu "zimatengera" atatu asanabadwe. Chotsala chinali chimodzi chokha: Mulanje.

Onaninso kuti sanati "kumudzi" kapena "kwathu" basi. Anatchula boma ndi dziko. Kwa ife "kumudzi" ndi malo odziwika, koma kwa ejenti wa kuno kumudzi kukhoza kukhala ku Limpopo kapena ku Eastern Cape, ndipo mapangano ena amanyamula thupi m'kati mwa malire a South Africa mokha. Munthu akhoza kuyankha ndi mtima woyera kuti "inde, timafikitsa kumudzi", aliyense nkupita kwawo wosangalala, chikhalirecho mwagwirizana zinthu ziwiri zosiyana.

Ndiye pali maonekedwe a yankho. Funso la amayi aja linali la "bwanji", ndipo "bwanji" alibe malire, munthu akhoza kulankhula mpaka dzuwa kulowa. La abambowa linapereka njira ziwiri, mpaka kumudzi kapena kulekezera penapake, ndipo yankho lake silingatenge mpweya woposa umodzi. Apa mpamene ndimati funso lachiwiri lichepe. Mtima umafuna kuti poti mwapeza mpata, muthiremo zonse: za galimoto, za mapepala a ku ofesi ya kazembe, za ana, za masiku olandirira ndalama. Mukatero mwamupatsa woyankha dengu kuti asankhemo yekha, ndipo adzatola bango lofewa. Mafunso enawo ali ndi eni ake mu holomo. Inu gwirani limodzi.

Ejenti anakhala kaye chete, nkutsegula chikwama. Anawerenga kapepala kena, nkunena kuti kunyamula thupi kwaulere kumathera m'malire a South Africa, ndipo kwa mayiko ena pali ndalama yowonjezera imene banja limalandira kuti lidzipezere lokha galimoto. Za Malawi mwa dzina, anati sakutsimikiza, akafunsa ku ofesi. Mu holo munamveka kung'ung'udza, koma kunali kung'ung'udza kwa anthu amene amva kanthu. Yankho loyamba linatenga mphindi zitatu osatisiyira chogwira. Lachiwiri linatenga theka la mphindi.

Tsopano za chilungamo cha funso, chifukwa kumveka bwino pakokha sikukwanira. Funso likhoza kukhala lakuthwa, lalifupi, koma lokhota. Tsiku lomwelo mnyamata wina kumbuyo anafuula asanapatsidwe mpata: "Nchifukwa chiyani makampani anu mumadya ndalama za alendo kenako nkukana kulipira?" Funsoli ndi lomveka, koma muli chigamulo kale. Ejenti akayankha chifukwa, wavomera kuti amadya ndalama. Akakana, aoneka wozemba. Palibe yankho loona limene angapereke osagwa, ndiye ameneyu ndi msampha chabe wovala chipewa cha funso. Chodziwira chake nchosavuta. Dzifunseni kuti: kodi pali yankho limene munthuyu angapereke ine nkukhutira? Ngati palibe, simukufunsa, mukudzudzula, ndipo kudzudzula kuli ndi nthawi yake ina.

Chilungamo chimafunanso kuti mufunse munthu zimene zili m'manja mwake. Ejenti sangayankhire makampani onse a mu Joni, sangayankhirenso zimene zinachitikira msuweni wanu ku kampani ina zaka zapitazo. Angayankhe za pepala limene wanyamula. Momwemonso, mkulu wa ku ofesi ya kazembe akabwera kudzalankhula za mapasipoti, nkulakwa kumupanikiza za mitengo ya mabasi a pa Park Station, ngakhale zonsezo zimatipweteka tsiku limodzi. Mukafunsa munthu za kunja kwa munda wake, yankho lozungulira mwaliitana nokha.

Ndipo chilungamo chenicheni chili pa khomo lija abambo aja anasiya lotsegula: "ngati simukutsimikiza, mutiuze tsiku." Anthu ena amaona ngati uku nkumupatsa wozemba pothawira. Zoona zake nzosiyana. Munthu amene waima kutsogolo, wavala tayi, amaopa mawu akuti "sindikudziwa" kuposa bodza laling'ono. Mukapanda kumupatsa njira yaulemu yonenera zimenezo, adzakupatsani "inde" wongoganizira, ndipo "inde" ameneyu ndi woopsa kuposa kuzungulira, chifukwa mudzamukhulupirira nkuyamba kulipira. Koma khomolo likhale ndi chingwe: ndani ayankhe, liti, ndipo m'njira yanji. "Ndikafunsa" wopanda tsiku ndi kuzungulira komweko, kwangosintha malaya. Apampando athu anagwira chingwecho: anapempha kuti yankho libwere lolembedwa kwa mlembi pofika Lachitatu, ndipo mlembi analemba m'buku la msonkhano ejentiyo akuona.

Mkwiyo wa mnyamata uja sunali wopanda pake, ndiyenera kunena. Kuseri kwake kunali nkhawa imene theka la holo linali nayo koma palibe amene akanaitchula ndi dzina lake: mapepala. Ejenti anali atanena kuti aliyense ndi wolandiridwa, bola akhale ndi pasipoti. Kulandiridwa polowa ndi nkhani ina, kulipiridwa pa tsiku la maliro ndi nkhani inanso. Mayi wina wachitsikana anatola mkwiyo uja nkuuwongola. Anati: "Achimwene, mwati wa pasipoti mumamulandira, tamva. Tiyerekeze munthu pasipoti yake ndi yabwino, koma masiku ake okhala m'dziko muno anatha, ndipo walipira bwinobwino mpaka tsiku lomwalira. Kodi banja lake lilandira, kapena pali pamene palembedwa kuti salandira?"

Apa anasintha chinthu chimodzi poyerekeza ndi abambo aja, ndipo anachita bwino. Abambowo anadziika okha m'chitsanzo, chifukwa kumwalira ndi kwa tonse, palibe chobisa. Mayiyu anati "munthu", osati "ine" kapena "mchimwene wanga". Pa nkhani ya mapepala, ya matenda kapena ya ngongole, funso labwino limatetezanso wofunsa ndi anzake. Musalole kuti kufuna yankho lomveka kukuululitseni zimene simukanafuna kuti mlendo, kapena mnansi wokhala naye pa benchi, adziwe. Chitsanzo chimagwira ntchito mofanana ngakhale mwiniwake alibe dzina.

Pa funso ili ejenti anazunguliranso. Anati iwo sali a Home Affairs, safunsa zambiri, ndipo makasitomala awo ambiri ndi ochokera kunja. Mvetserani bwino yankho limeneli, chifukwa ndi chitsanzo chabwino cha kuyankha funso loyandikana nalo. Anafunsidwa za tsiku lolipira banja, iye anayankha za tsiku lolembetsa. Umu ndi mmene mumadziwira kuti yankho lapita kumbali ngakhale likumveka lokoma: bwezerani funso lanu m'mutu, muone ngati tsopano mungathe kuliyankha nokha ndi inde, ayi, kapena nambala. Ngati simungathe, ndiye kuti simunayankhidwe, kaya munthuyo walankhula mokoma bwanji. Njira ina ndi kuyerekeza kuti mukufotokozera mkazi kapena mwamuna wanu kunyumba madzulo. Akakufunsani kuti "ndiye alipira kapena salipira?" inu nkuyamba ndi "anati iwowo si a Home Affairs", mwabwera chimanjamanja.

Kodi pamenepa mufunse kachitatu? Maganizo anga ndi akuti ayi, osati pagulu. Funso lachiwiri likakhala lomveka ndi lachilungamo, koma yankho nkukhalabe lozungulira, mwapeza kale chimene mumafuna kudziwa: munthuyu sangathe kapena sakufuna kutsimikiza. Kufunsa kachitatu ndi kachinayi kumatembenuza holo. Anthu amayamba kumumvera chisoni mlendo, inu nkusanduka wovuta, ndipo mfundo yanu yabwino imamira limodzi ndi mbiri yanu. Mayi uja anangoti: "Zikomo. Apampando, ndipempha kuti funso limeneli lilembedwe kuti silinayankhidwe, libwere limodzi ndi lija la Lachitatu." Sanakweze mawu. Chiganizo chimenechi chinalemera kuposa kufuula kwa mnyamata uja, chifukwa chinalowa m'buku.

Pali njira ina yothandiza pamene yankho lili pakatikati, losazungulira kwenikweni koma losagwirika: kulibwereza m'mawu anu nkupempha kuti akukonzeni. "Ngati ndamva bwino, mukuti thupi mulifikitsa pa Beitbridge, kuchokera pamenepo ndi za banja. Ndi choncho?" Munthu amavutika kupanga chiganizo chomveka kuchokera pa zero, koma kukonza chiganizo cha wina nkosavuta, ndipo ambiri sapirira kumva mawu awo akupotozedwa, amalumphira kukonza. Chenjezo ndi lakuti mubwereze mokhulupirika. Mukawonjezera tsabola wanu, monga "ndiye mukuti mumataya maliro pa boda", mwabwerera ku msampha uja, ndipo woyankha ali ndi ufulu wokana chiganizo chonse osakonza kanthu.

Za womasulira ndiwonjezere pang'ono, poti misonkhano yathu yambiri kuno imadutsa m'malilime awiri kapena atatu. Funso lachiwiri likhale la ziganizo zifupizifupi, ndipo muziima kuti amasulire chimodzi chimodzi. Mukalankhula mphindi yathunthu osapuma, womasulira amapereka chidule, ndipo m'chidulemo zimene zimayamba kugwa ndi zomwe munaziika mwadala: chaka chimodzi, matenda, Mulanje. Manambala ndi mayina a malo muwatchule momveka kuti ngakhale mlendoyo awamve yekha kuchokera pakamwa panu. Miyambi isungeni. Ndinamvapo mkulu wina akutsegula funso ndi "safunsa anadya phula", womasulira nkutha nthawi akufotokozera mlendo za njuchi, funso lenileni likudikira panja.

Nanga ulemu uli pati pamenepa? Ena mwa akuluakulu athu anaona ngati kubwereza funso kwa mlendo amene tamuitana tokha nkumuchititsa manyazi. Nkhawa imeneyi njomveka, ndipo yankho lake lili pa njira yodzera. Abambo aja sanalankhule ndi ejenti mwachindunji asanapemphe kwa apampando. Anamutchula kuti achimwene. Sanatchule kuti wazemba. Anafunsanso m'dzina la gulu, "funso lathu", zomwe zinawachotsera amayi a ku Mulanje aja mtolo wooneka ngati sanafunse bwino. Nthawi zambiri zimakhala bwino kuti funso lachiwiri lifunsidwe ndi munthu wina, osati woyamba uja. Woyambayo mtima umakhala uli m'mwamba, ndipo akadzukanso zimaoneka ngati mkangano wa anthu awiri. Akadzuka wina, mlendo amaona kuti nkhaniyi ndi ya holo yonse. Woyankha akakhala wamkulu kwa inu, abusa, bwana wa kuntchito, kapena mkulu wa bungwe lanu lomwe, zonsezi zimagwirabe ntchito, kungoti gawo lovomereza zimene mwamva limatalikirako pang'ono, funso lenilenilo nkukhalabe lalifupi chimodzimodzi.

Funso lachiwiri lili ndi malire ake. Silisandutsa mawu a pakamwa kukhala pangano. Ejenti akanayankha kuti "inde, mpaka ku Mulanje", momveka ngati belu, tikanafunabe tsamba, chifukwa pa tsiku la maliro kampani idzawerenga pepala, sidzafunsa zimene mnyamata wawo ananena mu holo ya ku Rosettenville. Nchifukwa chake pa nkhani za ndalama funso lachiwiri limathera pa "palembedwa pati". Silingakuuzeninso ngati kampaniyo ndi yeniyeni. Zimenezo mumafufuza padera: wogulitsa inshuwalansi wovomerezeka kuno amakhala ndi nambala ya chilolezo yotchedwa FSP, imene mungaiyang'ane ku bungwe loyang'anira za ndalama la FSCA, ndipo mufunsenso dzina la kampani ya inshuwalansi imene yaima kumbuyo kwa pangano, chifukwa nthawi zina amene akukugulitsani ndi a malo osungira maliro chabe. Munthu wachinyengo wochenjera amayankha mafunso momveka bwino kuposa woona mtima wamanyazi.

Lachitatu linadutsa opanda yankho. Mlembi anatumiza uthenga wokumbutsa, nkukopera mafunso awiri aja mmene analembedwera m'buku, osawonjezera liwu. Lachisanu kunabwera chithunzi cha tsamba limodzi. Pa funso la abambo aja, tsambalo linatchula mayiko ndi mayina, ndipo Malawi munalibe. Ejenti analemba pansi pake kuti banja likhoza kugwiritsa ntchito ndalama ya maliro yomweyo kulipira galimoto. Pa funso la mayi uja sanalembe kanthu. Pa msonkhano wotsatira mlembi anawerenga zonse ziwiri, yankho ndi kusowa kwa yankho, ndipo gulu linagwirizana kuitana kampani ina. Ulendo uno mafunso awiriwo tinawatumiziratu sabata imodzi mlendo asanabwere, ndipo amayi a ku Mulanje aja anapempha kuti la galimoto adzaliwerenge okha.